Excel ikamagwa isanatseguke: kusaka chowonjezera chomwe chikuigwetsa

Ndi pa 28, malipiro a antchito akuyenera kufika kubanki mawa, ndipo wowerengera ndalama wa kampani ina yaing'ono yogulitsa zipangizo zaulimi wadina kachizindikiro kobiriwira ka Excel monga amachitira m'mawa uliwonse. Kabokosi kolonjera kaoneka, kaima masekondi angapo, kenaka kazimiririka. Wadinanso. Ulendo uno zenera latseguka, koma layera mbuu, ndipo pamwamba pake palembedwa kuti Not Responding. Wazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, koma palibe chasintha.

Tiyerekeze kuti mayi ameneyu ndi wa mu ofesi iliyonse, chifukwa zimene zamuonekerazi zimaonekera anthu ambiri. Choyamba kumufikira m'mutu ndi mantha akuti fayilo ya malipiro yaonongeka. Chachiwiri ndi malangizo a mnzake wa tebulo loyandikana, akuti kompyuta yalowa vayirasi, aitengere kwa okonza akaifufute yonse. Kawirikawiri onse awiriwa amakhala akuloza kolakwika. Excel ikamagwa isanafike n'potsegula fayilo pomwe, woyamba kumukayikira sakhala fayilo. Amakhala kapulogalamu kena kamene kamadzuka limodzi ndi Excel, kamene pasikirini kamapezeka pansi pa dzina lakuti Add-ins. M'nkhani ino titchula timapulogalamu timeneti kuti zowonjezera.

Zowonjezera si zinthu zoipa. Zina zimachokera kwa Microsoft yemwe, monga Solver, Analysis ToolPak ndi Power Pivot. Zina zimalowa mwakachetechete munthu akamaika pulogalamu ina: yosandutsa zikalata kukhala PDF, ya sikana, yoteteza ku mavayirasi, kapena yowerengetsera ndalama za kampani. Mwini kompyuta amangoona kuti pamwamba pa Excel pabwera mabatani atsopano, ndipo nthawi zambiri sakumbukanso kuti anabwera liti. Vuto lagona pakuti zambiri mwa zowonjezerazi sizigwira ntchito pazokha. Zimalowa m'kati mwenimweni mwa Excel ndi kugwiritsa ntchito malo omwewo a memore. Chimodzi chikapunthwa, chimagwa ndi Excel yemwe.

Aliyense amene anakhalapo m'nyumba imene magetsi amangothima pa bokosi la maswichi akudziwa kale njira yothetsera vutoli. Sayamba ndi kugumula mawaya m'khoma. Amazula zonse, ayironi, ketulo, firiji ndi wailesi, n'kukweza swichi. Magetsi akakhazikika, amadziwa kuti mawaya ali bwino, ndipo amayamba kulumikiza ziwiya mpaka chimene chili ndi shoti chitadziulula. Excel ili ndi njira yake yozulira zonse nthawi imodzi, ndipo dzina lake ndi Safe Mode.

Kulowamo kuli pawiri. Mayi uja angathe kusindikiza batani la Ctrl osalisiya, n'kudina kachizindikiro ka Excel, mpaka patabwera funso lofuna kudziwa ngati akufuna kutsegula mu Safe Mode, ayankhe Yes. Ambiri amalephera apa chifukwa chosiya batanilo msanga funso lisanaoneke, kapena chifukwa funsolo labisala kuseri kwa zenera lina. Njira yachiwiri ndiyo yosaphonya. Asindikize batani la Windows pamodzi ndi R, ndipo m'kabokosi kamene katsegukako alembe izi:

```
excel /safe
```

Pakati pa mawu awiriwo pali mpata, ndipo popanda mpatawo Windows idzangoti sikupeza chimene chalembedwacho. Zikayenda bwino, Excel imatseguka ndipo pamwamba pa zenera pamalembedwa kuti Safe Mode. Apa imakhala yadzuka yokha, popanda zowonjezera zambiri, popandanso mafayilo amene imatsegula yokha poyamba.

Chinthu chimodzi chaching'ono chimasokoneza anthu ambiri pa sitepe imeneyi. Excel ikagwa, nthawi zina imatsalira kuseri ngakhale zenera lake lachoka. Ndi bwino kusindikiza Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager atseguke, kuyang'ana ngati Microsoft Excel kapena EXCEL.EXE ikuonekabe, n'kuithetsa ndi End task. Izi zichitike musanayese chilichonse, komanso pakati pa kuyesa kumodzi ndi kunzake, apo ayi zotsatira zake zimanamiza.

Kwa mayi wathu uja, Excel yatseguka mu Safe Mode. Yankho limeneli ndi lalikulu kuposa mmene likuonekera. Likutanthauza kuti pulogalamu yeniyeniyo ili bwino, ndipo chogwetsa chili pakati pa zinthu zimene zasiyidwa panja. Ikadagwa ngakhale mu Safe Mode, kufufuza kukadalowera kwina, ndipo tifikako. Koma asanayambe kusaka, wanzeru amapulumutsa kaye ntchito. Fayilo ya malipiro imatseguka ndithu mu Safe Mode, kudzera pa File ndi Open, ndipo angathe kusunga kope lake pa fulashi kapena mu foda ina. Ngati nthawi yathina kwambiri, angathe kumalizira momwemo ntchito yambiri ya tsikulo, bola mafomula ake asadalire chowonjezera.

Tsopano kusaka. Adine File, kenaka Options, kenaka Add-ins. Patsambali pali mndandanda wa zowonjezera, wogawidwa m'magulu a zimene zikugwira ntchito, zimene zagona ndi zimene zaletsedwa, ndipo chilichonse chili ndi malo amene fayilo yake ikukhala komanso mtundu wake. Pansi penipeni pali kabokosi kolembedwa Manage ndi batani la Go. Apa m'pamene anthu ambiri amasocherera, chifukwa kabokosiko kamayamba kali pa Excel Add-ins. Munthu amadina Go, n'kuona Solver ndi Analysis ToolPak basi, n'kunena kuti palibe chachilendo. Sadziwa kuti pali chipinda chachiwiri, cha COM Add-ins, chimene chimaoneka pokhapokha atasintha kabokosi kaja. Zowonjezera zobwera ndi mapulogalamu a makampani ena zimakonda kukhala m'chipinda chimenecho, ndipo n'kumene kusaka kuyenera kuyambira.

Mayi uja wasankha COM Add-ins, wadina Go, ndipo wapeza zisanu ndi chimodzi zimene amagwiritsa ntchito kapena zimene zinadzilowetsa zokha: Power Pivot, Inquire, cha PDF, cha sikana, cha pulogalamu yoteteza ku mavayirasi, ndi cholumikiza Excel ku pulogalamu ya maakaunti. Asanakhudze kanthu, wajambula sikirini ndi foni. Ndi kachinthu kochepa, koma pakatha ola limodzi la kuchonga ndi kufufuta palibe amene amakumbuka mmene zinalili poyamba.

M'kabokosi kameneka muli msampha umene uyenera kutchulidwa mokweza. Kumanja kuli batani lolembedwa Remove. Kuchotsa chongi m'kabokosi kakang'ono kumangogoneka chowonjezera, ndipo chimadzukanso munthu akachonganso. Remove imachichotsa pamndandanda, ndipo kuti chibwerere kawirikawiri pamafunika kuikanso pulogalamu imene inabwera nacho. Ngati amene anaika pulogalamuyo anachoka pantchito kalekale ndipo palibe akudziwa kumene kuli laisensi, kudina kamodzi kumeneko kungagoneke ofesi sabata yathunthu. Pofufuza, chofunika ndi kuchotsa chongi kokha.

Wachotsa machongi onse asanu ndi limodzi, wadina OK, watseka Excel, n'kuitsegulanso mwa masiku onse. Yatseguka bwinobwino. Wolakwa ali pakati pa zisanu ndi chimodzizo.

Malangizo amene amaperekedwa kawirikawiri ndi akuti munthu abwezeretse chimodzichimodzi, akutseka ndi kutsegula Excel nthawi iliyonse. Njirayi imagwira, ndipo pa zowonjezera ziwiri kapena zitatu palibe chifukwa chofunira ina. Koma zikachuluka, kugawa pakati kumafulumira. Mayi uja wachonga zitatu zoyamba, Power Pivot, Inquire ndi cha PDF. Watseka, watsegula, Excel ili njo. Zitatu zimenezo zayera pa ulendo umodzi. Pa zitatu zotsala wawonjezera ziwiri, cha sikana ndi cha maakaunti. Ulendo uno kabokosi kolonjera kaoneka n'kuzimiririka ngati m'mawa muja. Choteteza ku mavayirasi, chimene mnzake uja ankachiloza chala, sichinachongedwe, choncho sichikukhudzidwa. Wabwerera mu Safe Mode, wachotsa chongi pa cha maakaunti, wasiya cha sikana. Excel yatseguka. Maulendo atatu okha, ndipo dzina lapezeka. Ngakhale zikadakhala zisanu ndi zitatu, maulendo akadakhala atatu omwewo, chifukwa 8 ukaigawa pakati imakhala 4, kenaka 2, kenaka 1.

Pali ulendo wina umodzi umene suyenera kudumphidwa, wotsimikizira. Agoneke zonse, achonge chokayikiridwacho chokha, aone ngati Excel igwe. Ikagwa, mlandu watha. Ikapanda kugwa, ndiye kuti chowonjezeracho sichilakwa chikakhala chokha. Chikukangana ndi chinzake, ndipo pamenepo munthu amachisiya chochongedwa n'kumabwezeretsa zinazo chimodzichimodzi mpaka mnzake wa mkanganowo ataoneka. Zoterezi sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimazunguza mutu kwambiri munthu amene anathamangira kugamula.

Pali njira inanso yopezera umboni, imene okonza makompyuta amaikonda chifukwa nthawi zina imatchula dzina mosazungulira. Windows imalemba m'kaundula wake pulogalamu iliyonse ikagwa. M'kabokosi kaja ka Windows ndi R, munthu alembe izi:

```
eventvwr.msc
```

Kumanzere asankhe Windows Logs, kenaka Application, n'kuyang'ana mzere wofiira wa Application Error, wa nambala 1000, wa nthawi imene Excel inagwa. M'kati mwake muli mizere ingapo, koma yofunika ndi iwiri: Faulting module name ndi Faulting module path. Woyamba ukutchula fayilo imene ngozi inachitikira, wachiwiri ukutchula foda imene fayiloyo ikukhala. Kwa mayi uja, mzere wachiwiriwu ukuloza mu foda ya pulogalamu ya maakaunti, ndipo umboni wagwirizana ndi zimene wapeza pochonga.

Sikuti nthawi zonse zimalunjika chonchi. Kawirikawiri dzina limene limaoneka ndi ntdll.dll kapena KERNELBASE.dll. Amenewa ndi mafayilo a Windows yemwe, ndipo kuoneka kwawo kumangosonyeza pamene ngozi inathera, osati amene anaiyambitsa. Munthu asawafufute, asapitenso pa intaneti kukatenga ena olowa m'malo mwake. Amene amachita zimenezi amasandutsa vuto la Excel kukhala vuto la kompyuta yonse. Zikatero, kuchonga ndi kugawa pakati kuja ndiko kumakhala mboni yodalirika.

Nanga chowonjezera chimene chagwira ntchito zaka zambiri chimadwala bwanji usiku umodzi? Nthawi zambiri sichikhala icho chimene chasintha. Office ya masiku ano, makamaka Microsoft 365, imadzikonza yokha kudzera pa intaneti, mwezi ndi mwezi. Chowonjezera chimene chinalembedwa kalekale ndipo sichinakonzedwenso chimapezeka tsiku lina kuti pansi pamene chinkaponda pasuntha. Nthawi zina pulogalamu imene inabwera nacho inachotsedwa mwatheka, n'kusiya chowonjezera chikuitana mafayilo amene kulibenso. Nthawi zina chimafuna kulumikizana ndi seva ya mu ofesi chikangodzuka, ndipo netiweki ikakhala kuti yagwa chimadikira osatopa, Excel n'kuuma nacho limodzi. Chizindikiro cha vuto lomalizali n'chosavuta: Excel imatseguka bwino laputopu ikakhala mu ofesi, koma imauma ikapita kunyumba. Lamulo la `perfmon /rel` limatsegula Reliability Monitor, imene imaonetsa tsiku ndi tsiku zimene zinaikidwa ndi zimene zinagwa, ndipo pamenepo munthu amatha kuona kuti kugwa kunayamba tsiku lotsatira kusintha kwakutikwakuti.

Nkhani ya 32-bit ndi 64-bit imalowanso pamenepa. Office inayamba kukhala ndi mitundu iwiriyi mu 2010, ndipo kuyambira pa Office 2019 mtundu wa 64-bit ndi umene umaikidwa munthu akapanda kusankha. Chowonjezera cha COM chopangidwira 32-bit sichingagwire mu Excel ya 64-bit. Nthawi zambiri sichigwetsa Excel, chimangokana kudzuka kapena kubweretsa uthenga wa vuto, koma ndi chinthu choyamba chimene opanga chowonjezeracho adzafunse. Yankho lili pa File, Account, About Excel, pa mzere wapamwamba.

Si onse amene amapeza wolakwa m'chipinda cha COM. Akachotsa machongi onse kumeneko Excel n'kumagwabe, kotsatira ndi Excel Add-ins, kumene kumakhala mafayilo othera ndi .xlam, .xla kapena .xll. Ambiri mwa amenewa ndi timapulogalamu topangidwa ndi munthu wa mu ofesi momwemo kapena totengedwa pa intaneti, monga kaja kosandutsa manambala kukhala mawu pa invoisi. Njira yosavuta yogonekera fayilo yotere ndiyo kutseka Excel n'kuisamutsira mu foda ina. Malo ake amaoneka patsamba la Add-ins lija, ndipo kawirikawiri ndi oyamba mwa awiri awa:

```
%appdata%\Microsoft\AddIns
%appdata%\Microsoft\Excel\XLSTART
```

Excel ikadzuka idzadandaula kuti sikuipeza fayiloyo, koma idzatseguka. Foda yachiwiriyo, XLSTART, ndi imene imaiwalika kwambiri. Chilichonse chimene chili m'menemo Excel imachitsegula yokha poyamba, ngakhale sichikuoneka pamndandanda wa zowonjezera. M'menemo mumakhalanso PERSONAL.XLSB, fayilo imene imasunga mamakiro amene munthu wadzipangira. Imeneyi ikaonongeka, zizindikiro zake zimafanana ndendende ndi za chowonjezera chodwala. Isamutsidwe, isafufutidwe, chifukwa mwina muli ntchito ya zaka zisanu imene palibe anaisungapo kwina.

Nthawi zina Excel imadzigwirira yokha wolakwa. Ikagwa potsegula, ulendo wotsatira imatha kubweretsa uthenga wotchula chowonjezera chimene yavutika nacho, n'kufunsa ngati ichiletse. Kuvomera n'kwabwino, ndipo palibe chimene chimafufutika. Chowonjezeracho chimapita ku Disabled Items, chipinda china chopezeka m'kabokosi komwe kaja ka Manage, ndipo chidzatuluka kumeneko munthu akachisankha n'kudina Enable. Amene mabatani ake asowa mwadzidzidzi pamwamba pa Excel ayambe wayang'ana kumeneko.

M'makampani aakulu zimachitika kuti chongi chimakana kuchoka, kapena chimabwerera chokha mawa lake. Apa ndiye kuti chowonjezeracho chinaikidwira onse ogwiritsa ntchito kompyutayo, kapena akulu a zamakompyuta anachikhoma dala. Iwo ali ndi njira yawo kudzera mu Registry, kumene chowonjezera cha COM chilichonse chili ndi nambala yotchedwa LoadBehavior: 3 amatanthauza kuti chidzuke limodzi ndi Excel, ndipo 0 kapena 2 amachisiya chigonere. Koma kumeneko si kolowa munthu wamba pa kompyuta ya kuntchito. Chimene wantchito angachite n'kuwapatsa akuluwo dzina la chowonjezera, chithunzi cha mzere wa nambala 1000 uja ndi tsiku limene vuto linayamba. Uthenga wotere umayankhidwa msanga kuposa wongoti Excel yafa.

Excel ikagwa ngakhale mu Safe Mode, kawirikawiri zowonjezera zimakhala zatuluka m'mlandu. Pamenepo m'pamene kukonza Office yomwe kumakhala ndi phindu, kudzera pamndandanda wa mapulogalamu mu Windows, pa Modify kapena Change. Pali Quick Repair, imene imatha msanga ndipo sifuna intaneti, ndi Online Repair, imene imatenganso Office yonse pa intaneti. Kwa amene amadalira bandulo ya pafoni, yachiwiriyi ndi yodula, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona anthu akuyambira pamenepo. Choipa kwambiri n'chakuti ngati wolakwa ndi chowonjezera cha kampani ina, bandulo imatha koma vuto limatsala, chifukwa kukonza Office sikuchotsa zimene mapulogalamu ena anaikamo.

Tibwerere kwa mayi uja, chifukwa kupeza wolakwa si mapeto a ntchito yake. Chowonjezera cha maakaunti ndi chimene chimakoka manambala kuchokera mu pulogalamu ya kampani kupita m'mafayilo ake ena. Chikagona, mafomula amene amadalira icho amatha kuonetsa `#NAME?` fayilo ikawerengetsanso, ndipo vutolo limafalikira ku selo iliyonse imene imadalira maselo amenewo. Apa pafunika mutu wozizira. Mafomulawo sanaonongeke, ndipo adzagwiranso chowonjezera chikadzuka. Asawafufute kapena kulemba manambala pamwamba pake mu fayilo yeniyeni. Ngati akufuna kugwira ntchito lero, agwirire pa kope. Mwamwayi fayilo ya malipiro ili ndi mafomula a Excel okhaokha, choncho malipiro apita pa nthawi yake.

Mawa lake walankhula ndi kampani imene imawagulitsa pulogalamu ya maakaunti, wawauza mtundu wa Excel yake ndi zimene anaona mu Event Viewer, ndipo amutumizira chowonjezera chatsopano. Wachotsa chakale kudzera pamndandanda wa mapulogalamu mu Windows, waika chatsopano, watsegula Excel kawiri katatu kuti akhutire. Opanga akadakhala kuti anasiya kuchikonza, akadayenera kusankha pakati pa kuchisiya chigonere ndi kupeza china chogwira ntchito yomweyo. Kuletsa Office kudzikonza kuti chowonjezera chakale chipitirire ndi njira imene ena amatenga, koma imasiya kompyuta yosunga malipiro a anthu yopanda chitetezo chatsopano, ndipo siyenera kupitirira masiku ochepa.

Cha sikana wachisiya chosachonga, chifukwa sikana imene inabwera nacho inafa chaka chatha.

Inu amene Excel yanu ikutseguka bwino lero, pitani pa File, Options, Add-ins, mutsegule COM Add-ins ndi Excel Add-ins, mujambule zimene zachongedwa, ndipo chithunzicho muchisunge pafoni. Tsiku limene Excel idzakane kudzuka, mudzayambira pa chithunzi chimenecho.